Desktop ndi Documents musazipereke kwa OneDrive musanaone zimene zili m'katimo

Mukagula laputopu ya Windows 11 n'kulowamo ndi akaunti ya Microsoft, pali mwayi waukulu woti OneDrive, malo a Microsoft osungira mafayilo pa intaneti, yatenga kale mafoda anu a Desktop, Documents ndi Pictures. Mu 2024 anthu ambiri anadandaula kuti zimenezi zikuyatsidwa zokha pokonza kompyuta yatsopano, popanda funso lomveka bwino. Apple nayo ili ndi njira yofanana kuyambira 2016, pomwe macOS Sierra inabwera ndi kabokosi ka Desktop & Documents Folders mu iCloud Drive. Makampaniwa amati akukutetezani, ndipo m'mawu awo muli choonadi. Komabe ine ndikuti munthu amene amagula yekha bandulo, amene akugwiritsa ntchito malo aulere a 5 GB, ndiponso amene alibe wa zamakompyuta woti amuitane zinthu zikasokonekera, azimitse zimenezi. Akhale ndi foda imodzi yokha yolumikizidwa ndi intaneti, yomwe iye mwini akudziwa zimene waikamo.

Choyamba timvetse zimene zimachitika mukayatsa. Anthu ambiri amaganiza kuti OneDrive imakopera mafayilo awo n'kukasunga kwina, oyambawo n'kutsala pomwe anali. Sizitero. Imasamutsa foda yonse. Documents amene anali ku `C:\Users\dzina\Documents` amapita ku `C:\Users\dzina\OneDrive\Documents`, ndipo Windows imauzidwa kuti kuyambira tsopano Documents ndi kumeneko. Pa sikirini simuona kusintha kwenikweni, n'chifukwa chake ambiri amatha miyezi osadziwa. Ngati mukufuna kudziwa pomwe zinthu zanu zili, tsegulani PowerShell, pulogalamu ya Windows yolembamo malamulo, mulembe izi:

```
[Environment]::GetFolderPath("MyDocuments")
```

Yankho likakhala ndi mawu oti OneDrive pakati pake, foda yanu inasamutsidwa. Kuchokera nthawi imeneyo, chilichonse chochitika mu fodayo chimachitikanso pa seva ya Microsoft, ndipo chilichonse chochitika pa sevayo chimabwerera ku laputopu. Mukasintha fayilo, isintha konse. Mukaifufuta, ifufutika konse. Pulogalamuyi ntchito yake ndi kufananitsa mbali ziwiri, ndipo siidziwa ngati mwafufuta mwadala kapena mwana wanu wangodina posewera.

Tiyerekeze mayi wina amene amasunga mabuku a ndalama a kabungwe kakang'ono ka alimi. Wapeza laputopu yatsopano, walowamo ndi akaunti yake ya Outlook.com, ndipo mafoda atatu aja alumikizidwa ali opanda kanthu. Apa ndi pomwe pali msampha. Mafodawo akanakhala odzaza kale, OneDrive ikanamuchenjeza kuti malo sakukwanira. Poti ali opanda kanthu, zonse zadutsa mwakachetechete. Madzulo akutenga hadi disiki yomwe anasungiramo zinthu za mu laputopu yakale, n'kukopera zonse m'malo mwake monga aliyense angachitire. Pa Desktop pakubwera 5 GB, zambiri mwa izo mavidiyo a chinkhoswe cha mng'ono wake ndi mapulogalamu akale amene anakopera kwa anzake. Mu Pictures mukulowa 3 GB. Mu Documents mukulowa 10 GB, koma mukayang'anitsitsa, 6 GB ndi misonkhano imene Zoom inajambula, 3 GB ndi fayilo ya maimelo ya Outlook, ndipo ntchito yake yeniyeni, ndiye kuti mafayilo a Excel, malipoti opita kwa othandiza bungwe, makalata ndi malisiti ojambulidwa, siikupitirira 1 GB. Zonse pamodzi ndi 18 GB, pamene malo aulere ndi 5 GB.

M'mawa mwake walumikiza laputopu ku kaMiFi ka mu ofesi. OneDrive yayamba kukweza. Ngati liwiro lokwezera lili 2 Mbps, 5 GB imatenga maola asanu ndi theka, ndipo 18 GB yonse ikanatenga maola 20. Iye sakuona kanthu, wangozindikira kuti intaneti lero ikuchedwa ndipo bandulo yomwe inayenera kufika kumapeto kwa mwezi yatha tsiku lisanathe. Pofika madzulo malo adzaza, kachizindikiro ka mtambo pansi pa sikirini kali ndi chofiira. Tsopano funso lofunika ndi ili: mu 5 GB imene yakwerayo, muli ntchito yake ija ya 1 GB? Palibe amene anamufunsa zoti ziyambe kukwera ndi ziti. N'kutheka kuti vidiyo ya chinkhoswe ili pa seva bwinobwino pamene fayilo ya ndalama za mwezi uno ikudikirabe pamzere. Data yapita, malo apita, ndipo chinthu chimodzi chomwe chikanamugwetsa m'mavuto chitatayika n'chosatetezedwabe.

Vuto silithera pomwepo. Kuyambira 2023, zinthu zomatidwa ku maimelo a Outlook.com zimawerengedwa pa malo omwewo a OneDrive, ndipo akaunti ikapitirira malire, imelo imasiya kutumiza ndi kulandira. Mayi uja adzamva kwa anzake kuti makalata awo akubwerera. Google nayo 15 GB yake yaulere imagawidwa pakati pa Drive, Gmail ndi Google Photos, ndiye matenda ndi omwewo, kungoti amachedwa kuoneka.

Chimene anthu ambiri amachita pamenepa n'chomveka kwambiri, ndipo n'chimene chimawapweteka. Uthenga ukuti malo adzaza, choncho mayi uja akutsegula onedrive.com, akuona mafoda a Desktop ndi Documents, n'kunena kuti zimenezi ndili nazo kale pa laputopu, ndizichotse kuno. Akufufuta. Patapita mphindi zochepa Desktop yake yeniyeni yayera. OneDrive imachenjeza pamene mafayilo ambiri afufutidwa nthawi imodzi, koma chenjezolo limabwera m'Chingerezi cha kompyuta, pa nthawi imene munthu watopa ndi mauthenga, ndipo ambiri amangovomera kuti lichoke pamaso. Mwamwayi zinthuzo zimakhala mu Recycle bin ya OneDrive kwa masiku 30 pa akaunti ya munthu payekha, kapena masiku 93 pa akaunti ya kuntchito kapena ya sukulu. Amene wadziwa msanga amazibweza. Amene wafufuta foda ya malisiti a chaka chatha, n'kudzaifuna patapita miyezi iwiri pobwera owerengera ndalama, amapeza mulibe.

Mfundo yanga yaikulu ili pa foda ya Documents imene. Dzina lake limatinamiza kuti ndi yathu, koma mapulogalamu ambiri amaiyesa nyumba yawo. Zoom imaika zojambula zake mu `Documents\Zoom`. Outlook imaika mafayilo ake a maimelo, a .pst, mu `Documents\Outlook Files`. Magemu ambiri amasunga zawo mu `Documents\My Games`, VMware imaikamo makompyuta ongoyerekezera amene amatha kukula ma GB makumimakumi, PowerShell nayo ili ndi kafoda kake momwemo. Palibe chimodzi mwa zimenezi chimene munasankha kuti chikwere pa intaneti, ndipo zina sizigwirizana n'komwe ndi kufananitsidwa. Fayilo ya .pst imakhala yotsegula nthawi yonse imene Outlook ikugwira ntchito, ndipo OneDrive imadandaula nayo kawirikawiri. Fayilo ya Access, pulogalamu ya Microsoft yosungira zolemba, kapena ya pulogalamu ya maakaunti imene imasunga zonse m'fayilo imodzi, ikatsegulidwa pa makompyuta awiri imodzi isanamalize kukweza, OneDrive singathe kuphatikiza zosinthazo. Imapanga mafayilo awiri, ina n'kuiwonjezera dzina la kompyuta kumapeto. Mukaona `ndalama.accdb` ndi `ndalama-LAPTOP-7K2.accdb` zili pamodzi, dziwani kuti zolemba za Lolemba zili m'modzi, za Lachiwiri zili mu inayo, ndipo woziphatikiza ndi manja ndi inu.

Chodabwitsa n'chakuti foda imene ambiri a ife timaunjikamo zinthu zofunika, Downloads, siili pa mndandanda wa mafoda amene OneDrive imateteza. Kontirakiti imene munalandira pa imelo, fomu yomwe munatsitsa n'kudzaza pomwepo, kalata yobwera pa WhatsApp, zambiri zimagona m'menemo. Munthu amayenda ndi mtima woti zonse zili pa intaneti pamene theka la zofunika zake silinakwerepo.

Ndiyeno pali nkhani ya mafayilo amene amaoneka ngati alipo pamene palibe. OneDrive ili ndi Files On-Demand, ndipo pa Mac pali Optimize Mac Storage. Zonsezi zimalola kuti fayilo ikhale pa seva pokha, pa kompyuta n'kutsala dzina ndi kachithunzi. Mu File Explorer muyang'ane zizindikiro zitatu. Kamtambo kabuluu kakutanthauza kuti fayiloyo ili pa intaneti pokha. Kachongi kobiriwira m'kabwalo koyera kakutanthauza kuti inatsitsidwa, koma Windows ikhoza kuichotsanso kudzera mu Storage Sense ngati papita nthawi musanaitsegule. Kabwalo kobiriwira konse, kokhala ndi kachongi koyera, ndi komwe kakutsimikizira kuti fayiloyo ikhalabe pa kompyuta. Kumene intaneti siidukaduka, kusiyana kumeneku anthu sakuona n'komwe. Kwa ife amene timakachititsa maphunziro kumudzi komwe netiweki imapezeka pachulu, kapena amene magetsi akazima rauta nayo imagona, ndi nkhani ina. Mwaima kutsogolo kwa anthu, mwadina fayilo imene ili pa Desktop panu, mukuiona ndi maso, koma ikukana kutseguka. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wamphepo. Desktop ndi malo amene munthu amayembekezera kuti chimene akuchiona chilipodi, ndipo sindikuona chifukwa chosinthanitsira chitsimikizo chimenecho ndi malo ochepa a pa disiki.

Tsopano ndiwapatse mpata amene satsatira maganizo angawa, chifukwa mfundo yawo ndi yamphamvu kuposa mmene okonda foda imodzi amavomerezera. Iwo amati anthu sasunga zinthu mwadongosolo, ndipo sadzayamba. Muuzeni wophunzira wa ku yunivesite kuti azisunga kafukufuku wake mu foda yapadera, adzavomera, kenako usiku wa tsiku lomaliza adzasunga pa Desktop ndi dzina loti `final final 2.docx`. Laputopu ikabedwa mu minibasi, kapena disiki ikafa magetsi atabwera mwamphamvu, amene Desktop yake inali yolumikizidwa amalowa pa kompyuta ya mnzake n'kupeza zonse. Wa foda imodzi amapeza chaputala cha mwezi wathawu. Chitetezo chodalira kuti munthu akumbukire chimalephera pa tsiku lomwelo limene munthuyo watopa ndi kupanikizika, lomwenso ndi tsiku limene ntchito yofunika kwambiri imalembedwa. Zimenezi n'zoona, ndipo aliyense amene anathandizapo munthu wolira chifukwa cha disiki yakufa sangazitsutse.

N'chifukwa chake m'mabungwe akuluakulu ndimagwirizana nazo zoyatsa. Kumene wogwira ntchito aliyense ali ndi 1 TB pa Microsoft 365, intaneti ya mu ofesi siiwerengedwa ma GB, ndipo pali wa zamakompyuta amene amaona ngati kompyuta ina yasiya kukweza, njira imene Microsoft imaitcha Known Folder Move ndi yabwino. Laputopu ikawonongeka, munthu amapatsidwa ina, n'kulowa, Desktop yake n'kubwerera ngati mmene inalili. Chenjezo lokhalo kwa wogwira ntchitoyo n'lakuti akauntiyo ndi ya abwana. Zikalata za munda wanu, zithunzi za ana ndi kalata yofunsira ntchito kwina, mukaziika pa Desktop ya laputopu ya kuntchito, zili m'manja mwa bungwe, ndipo tsiku lomwe ntchito yatha, khomo limatsekedwa zili m'katimo.

Koma mfundo ya wophunzira uja ili ndi chibowo. Imaganiza kuti kukwezako kukuchitikadi. Pa akaunti ya 5 GB imene inadzaza miyezi itatu yapitayo, `final final 2.docx` siinakwere, ngakhale ili pa Desktop yolumikizidwa. Wophunzirayo anazolowera kachizindikiro kofiira mpaka anasiya kukaona, kapena anaimitsa OneDrive tsiku limene inamudyera bandulo n'kuiwala kuiyatsanso. Ali pangozi yofanana ndi amene alibe chilichonse, koma iye akuganiza kuti ndi wotetezeka, choncho sakoperanso pa fulashi monga ankachitira kale. Njira yongoyenda yokha imathandiza munthu wosasamala pokhapokha ngati malo ndi data zili zokwanira kunyamula kusasamala kwakeko. Njira yothetsera vutoli imene kampani imakupatsani ndi kugula malo, 100 GB kapena 1 TB, mwezi ndi mwezi. Kwa amene ali ku Johannesburg kapena ku Manchester, wokhala ndi khadi yolipirira pa intaneti ndi Wi-Fi yopanda malire kunyumba, zimenezo zingakhale zapafupi. Kwa amene ali ku Malawi, kumene kulipira chinthu cha kunja ndi khadi ya banki kumavuta chifukwa cha kusowa kwa ndalama zakunja, mwezi umene malipiro akanika ndi mwezi umene akaunti imabwerera ku 5 GB ili ndi katundu wa 60 GB.

Foda imodzi ilibe matsenga. Ndi mmene Dropbox inayambira mu 2008, foda imodzi yomwe chilichonse choikidwamo chimapezeka pa makompyuta anu onse, ndipo OneDrive yeniyeniyo ndi foda yotero mukapanda kuipatsa Desktop ndi Documents. Ubwino wake ndi wakuti malire amaoneka. Chimene chili m'kati chimakwera, chimene chili kunja sichikwera, ndipo munthu aliyense akhoza kumvetsa lamulo limeneli tsiku limodzi. Mayi wa kabungwe ka alimi uja akanapanga foda yotchedwa `Ntchito` m'kati mwa OneDrive, n'kuikamo 1 GB yake, ikanakwera mu ola limodzi ndi mphindi zochepa pa liwiro lomwe lija, n'kutsala 4 GB yokwanira zaka zingapo za mafayilo a Excel ndi Word. Mavidiyo a Zoom akanakhala pa laputopu ndi pa hadi disiki, komwe ndi koyenera zinthu zolemera zomwe palibe adzazitsegulenso.

Nanga vuto la kuiwala lija? Silitheratu, koma likhoza kuchepetsedwa kwambiri mukachititsa kuti njira yaulesi izilowera mu foda yoyenera. Mu Word ndi Excel pitani ku File, kenako Options, kenako Save, ndipo pa Default local file location mulembe njira ya foda ya `Ntchito`. Mu File Explorer dinani fodayo ndi batani lakumanja musankhe Pin to Quick access kuti izioneka pamwamba nthawi iliyonse mukamasunga chinthu. Pa Desktop ikanipo kanjira kachidule kolowera mu fodayo, ndipo fayilo imene mukuigwira tsiku lililonse, monga kafukufuku wa wophunzira uja, ikhale mu `Ntchito` pamene pa Desktop pali kanjira kake kokha. Dzanja lidzapitabe pa Desktop monga linazolowera, koma fayilo yotsegukayo ndi yotetezedwa. Pomaliza dinani foda yonseyo ndi batani lakumanja musankhe Always keep on this device, kuti zonse zikhale ndi kabwalo kobiriwira konse. Poti fodayo ndi yaing'ono, disiki siidandaula.

Zotsala zimagwidwa ndi chizolowezi chimodzi cha Lachisanu. Tsegulani Desktop mu File Explorer, kenako Downloads, ndipo m'kabokosi kofufuzira mulembe `datemodified:this week`. Mudzaona zonse zimene mwakhudza sabata imeneyo. Nthawi zambiri ndi mafayilo ochepa, ndipo oyenera kusamutsidwa sapitirira awiri kapena atatu. Ndikuvomereza kuti apa tikudalirabe munthu. Kusiyana kwake n'kwakuti mukaiwala, mwataya ntchito ya masiku ochepa pa fayilo imodzi yomwe inasochera, osati kukhala miyezi ndi akaunti yodzaza mukuganiza kuti zonse zili bwino.

Pa nkhani ya data, musayembekezere kuti Windows idziwa yokha kuti Wi-Fi imene mwalumikizayo ndi ya bandulo. KaMiFi kapena rauta ya simu khadi nthawi zambiri imaiona ngati Wi-Fi wamba. Pitani ku Settings, Network & internet, Wi-Fi, tsegulani netiwekiyo n'kuyatsa Metered connection. OneDrive imaima yokha pa netiweki yotero. Kumbukirani kuti ikaima, palibe chimene chikukwera, choncho ngati intaneti yanu yonse ndi ya bandulo, muyenera kuiuza nokha kuti ipitirize. Ndi foda ya 1 GB imene imasintha ma MB ochepa patsiku, mukhoza kuilola kuyenda osaopa. Ndi Desktop ndi Documents zonse simungayerekeze, chifukwa simudziwa kuti Zoom yaikamo chiyani masana ano.

Amene mafoda awo anatengedwa kale asamale potuluka, poti apa ndi pomwe ambiri amakomoka ndi mantha. Mukapita ku Settings ya OneDrive, Sync and backup, Manage backup, n'kuzimitsa Desktop, nthawi zambiri mafayilo sabwerera okha. Amatsala mu `OneDrive\Desktop`, ndipo Desktop yanu yatsopano imaoneka yopanda kanthu, kupatula kanjira kachidule kolozera komwe ali. Pa Mac n'chimodzimodzi: mafayilo amatsala mu iCloud Drive, ndipo mumapatsidwa Desktop ndi Documents zatsopano zopanda kanthu. Palibe chatayika, koma ndondomeko yake itsatidwe bwino. Yambani ndi kusankha Always keep on this device pa mafodawo, pamalo pomwe pali intaneti yabwino, ndipo dikirani mpaka kamtambo kabuluu kasaonekenso pa fayilo iliyonse. Koperani zonse pa hadi disiki yapadera. Mukatero zimitsani mu Manage backup. OneDrive yatsopano imatha kukufunsani komwe mukufuna mafayilo akhale, ndipo funso limenelo liwerengeni mofatsa musanadine. Ngati sinafunse, samutsani nokha kuchokera ku `OneDrive\Documents` kupita ku `C:\Users\dzina\Documents`. Zimene mwazitulutsa mu foda ya OneDrive zimachoka pa seva, ndipo ndi zimene mukufuna, bola mwatsimikiza kaye kuti zili pa disiki. Cholakwa chachikulu ndi kuchotsa pulogalamu ya OneDrive kapena kutuluka mu akaunti mafayilo ena akadali a kamtambo. Mumatsala opanda mafayilowo pa laputopu, ndipo ngati pasiwedi simukuikumbukira, nkhani yavuta.

Nkhani ya pasiwediyi ikundikumbutsa chinthu china chimene chimachitika kwathu kuno kawirikawiri. Laputopu zambiri timagula zogwiritsidwapo kale ntchito, kapena timazipereka kwa wokonza kuti aikemo Windows. Windows 11 imakakamira akaunti ya Microsoft poyamba, ndipo wokonza wofulumira amangolowetsa yake kapena ya shopu kuti adutse. Ngati mafoda aja alumikizidwa, zikalata zanu zikukwera ku akaunti ya munthu wina, ndipo Desktop yanu ikhoza kusakanikirana ndi ya kasitomala wina amene anamuchitira zomwezo. Dinani kamtambo pansi pa sikirini, tsegulani Settings, muone pa Account kuti imelo yolembedwapo ndi yanu. Ngakhale makompyuta awiri onse ali anu, kusakanikirana kumeneku kumatopetsa. Desktop ya kunyumba imadzaza ndi tinjira tachidule ta mapulogalamu amene ali pa laputopu yokha, tosatsegula kanthu.

Njira iliyonse imene mungasankhe pa ziwirizi, palibe imene ikulowa m'malo mwa bakapu yeniyeni, ndiye kuti kope limene silisintha inu mukalakwitsa. Vayirasi yotseka mafayilo n'kufuna dipo ikalowa, imawononga zomwe zili mu foda yolumikizidwa, ndipo OneDrive imakweza zowonongekazo mokhulupirika. Pali Version history imene imabweza fayilo imodziimodzi mmene inalili kale, ndipo imathandiza kwambiri mukalemba pamwamba pa lipoti mwangozi. Kubweza OneDrive yonse ku tsiku lina la m'masiku 30 apitawo kumatheka kwa olipira Microsoft 365, osati kwa a malo aulere. Choncho pamafunikabe hadi disiki imene imalumikizidwa pa nthawi yokopera yokha, kenako n'kuchotsedwa ndi kusungidwa kwina, osati m'chikwama chimodzi ndi laputopu. Windows ili ndi File History, Mac ili ndi Time Machine, ndipo amene amakonda kuona zimene zikuchitika akhoza kulemba mu PowerShell lamulo limodzi ili, pomwe `E:` ikuimira hadi disikiyo:

```
robocopy "C:\Users\dzina\OneDrive\Ntchito" "E:\Kope\2025-06" /E
```

Mwezi uliwonse sinthani dzina la foda yolandirayo kuti makope akale atsale. Musawonjezerepo `/MIR` ngakhale mutaona ena akutero, chifukwa imafufuta ku hadi disiki chilichonse chimene chafufutidwa ku laputopu, ndipo mwabwereranso ku vuto lomwe mumathawa. Apanso foda imodzi yaing'ono ikupambana. Makope 12 a 1 GB amakwana ngakhale pa fulashi ya 16 GB, pamene makope 12 a 18 GB ndi 216 GB, ndipo munthu amasiya kukopera mwezi wachiwiri chifukwa zimatenga nthawi.

Kudziwa ngati zimene mwakonza zikugwira ntchito sikufuna kukhulupirira kachizindikiro ka pa laputopu. Tengani foni, tsegulani onedrive.com kapena pulogalamu ya OneDrive, mupeze fayilo imene munaigwira dzulo, muitsegule n'kuwerenga mzere womaliza umene munalemba. Ngati mzerewo palibe, kapena tsiku lolembedwa pambali pa fayiloyo ndi la mwezi watha, bwererani ku laputopu mudine kamtambo muone chimene chaimitsa. Kawirikawiri ndi malo odzaza, netiweki ya Metered connection, akaunti imene ikufuna mulowenso ndi pasiwedi, kapena fayilo yokhala ndi dzina limene OneDrive siilola. Mafoda olowana kwambiri nawonso amakanika, poti OneDrive siilola njira yonse ya fayilo kupitirira zilembo 400, ndipo mapulogalamu ena a Windows amayamba kuvuta pa 260.